Katundu wa anthu asanu ndi mmodzi okwera Mulanje

"Tilipo asanu ndi mmodzi, tikufuna kukagona masiku awiri pa Mulanje. Kodi aliyense anyamule mphika ndi chakudya chake?"

Ayi achimwene, mudzangolemedwa pachabe. Ngati mukagona m'nyumba za paphiri monga ya Chambe kapena Lichenya, tenti isiyeni, ndipo kumeneko mumaphika pa nkhuni. Mapoto awiri akukwanirani nonse, lalikulu la nsima, laling'ono la ndiwo ndi tiyi.

Chimene chimakula ndi chiwerengero cha anthu ndi masiku n'chakudya basi. Werengerani ufa magalamu 400 pa munthu pa tsiku, ndiye kuti inuyo makilogalamu asanu akwana. Musausenzetse munthu mmodzi. Ugaweni m'majumbo atatu, ndipo amene watenga mapoto asapatsidwenso ufa. Ndiwo zikhale zouma, usipa kapena soya. Nyemba zimachedwa kupsa, zidzakutherani nkhuni. Mukawonjezera tsiku lina, onjezerani ufa ndi ndiwo zokha.

Koma chofunda, jekete ya mvula ndi tochi, izi ndiye aliyense zakezake, m'chikwama chake. Chiperoni chikagwa gulu limatha kubalalika, ndipo amene jekete yake ili ndi mnzake amazizidwa koopsa.