Kalata yotsutsa mtengo umene banki yasinthira ndalama zanu

"Ndangoyamba kumene geni yopikula katundu ku Joni. Ndinalipira wondigulitsa kudzera ku banki, koma makwacha amene achotsa mu akaunti yanga aposa amene anandiuza pa kauntala. Kodi zimenezi zimayenda bwanji, ndipo ndingawalembere chiyani amanijala kuti andibwezere?"

Achemwali, musanagwire cholembera muyambe mwadziwa tsiku limene banki inakugulitsani marandiwo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ife amalonda timawerengera tsiku limene tinasaina fomu ndi kupereka invoisi ya wotigulitsa, pamene banki imawerengera tsiku limene yapeza ndalama zakunjazo n'kuzitumiza, ndipo masiku awiriwa sakhala amodzi kawirikawiri. Poti ndalama zakunja n'zosowa m'dziko muno, pempho lanu limaikidwa pa mndandanda, ndipo mtengo umene wantchito wa pa kauntala anakutchulirani pakamwa umakhala wa tsiku limenelo basi, pokhapokha ngati banki inaulemba ndi kuvomera kuti idzautsata. Amene anali pa mndandanda mu Novembala 2023 akudziwa kuwawa kwake, pakuti pa 9 mwezi umenewo Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola imene mabanki ankagulitsa pa K1,180 inafika pa K1,700. Munthu amene anapempha madola 5,000 kusinthaku kusanachitike n'kuwapeza kutachitika anafunika kuwonjezera K2,600,000, ndipo ngati banki inali isanamulonjeze mtengo wakale polemba, kalata yake inalibe poimira.

Chachiwiri chimene chimasokoneza ambiri ndi bolodi la mitengo limene lili m'banki. Ndalama iliyonse yakunja imakhala ndi mtengo umene banki imagulira ndi wina wokwera umene imagulitsira, komanso mtengo wa ndalama zamapepala umasiyana ndi wa ndalama zotumiza, umene pa bolodi amaulemba kuti TT. Inu mukamalipira wa ku Joni, banki ikukugulitsani randi, choncho wanu ndi mtengo wogulitsira wa TT. Mukamalandira ndalama zochokera kunja zinthu zimatembenuka, banki ndiyo ikugula kwa inu, ndipo imagula pa mtengo wotsikawo. Mtengo wapakatikati umene umatchulidwa m'nyuzipepala kapena umene mumauona pa foni si umene kasitomala amalipira, ndipo kalata yoimira pa mtengo umenewo imayankhidwa ndi mzere umodzi. Mtengo wa mavenda a pamsewu musautchule n'komwe. Palinso china chokhudza randi, chakuti mtengo wake pa kwacha umatsatira mmene randiyo ikuyendera ndi dola, kotero ukhoza kusintha pakati pa Lolemba ndi Lachinayi ngakhale dola itakhala pamalo amodzi kuno kwathu.

Tsopano tengani sitetimenti yanu muwerengere nokha, ndipo ndigwiritsa ntchito manambala ongoyerekeza kuti muone njira yake. Tinene kuti invoisi inali ya R60,000, ndipo pa fomu imene munasaina Lolemba wantchito wa banki analembapo K96.00 pa randi imodzi n'kudindapo. Pamenepo munayembekezera kulipira K5,760,000. Lachinayi mwapeza kuti mu akaunti mwachoka K6,040,000. Musathamangire kunena kuti akulandani K280,000, chifukwa mkati mwa ndalamazo muli komishoni ndi malipiro a uthenga umene mabanki amatumizirana potumiza ndalama kunja, wotchedwa SWIFT, zomwe tinene kuti pamodzi zakwana K70,000 ndipo zalembedwa pa mizere yakeyake. Mukachotsa zimenezo patsala K5,970,000, ndipo mukagawa ndi 60,000 mupeza K99.50 pa randi imodzi. Mkangano wanu weniweni ndi K3.50 pa randi iliyonse, yomwe ikukwana K210,000. Ndimalimbikira za kuwerengeraku chifukwa manijala akaona kuti mwasakaniza komishoni ndi mtengo wosinthira, amangokufotokozerani za komishoniyo, imene munavomera posaina, ndipo funso la mtengo limakwiririka.

Ngati dandaulo lili lakuti wokugulitsani walandira marandi operewera, imeneyo ndi nkhani ina. Pemphani banki ikupatseni pepala la uthenga wa SWIFT, limene ambiri timalidziwa kuti MT103, muone pamene palembedwa OUR, SHA kapena BEN. OUR amatanthauza kuti malipiro onse ndi anu, SHA kuti mwagawana ndi wolandira, ndipo BEN kuti onse achotsedwa pa ndalama za wolandira. Pa SHA ndi BEN mabanki a panjira amatapako, ndipo zimenezo sizikhudzana ndi mtengo wosinthira.

Mukatsimikiza kuti kusiyana kuli pa mtengowo, yang'anani chimene muli nacho m'manja. Umboni wamphamvu ndi mtengo wolembedwa pa fomu yodinda, uthenga wa pa foni kapena imelo yochokera kwa wantchito wa banki, kapena nambala ya mgwirizano ngati anachita kuimbira a ku ofesi yoona za ndalama zakunja n'kukusungirani mtengo. Werenganinso timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa fomu, pakuti mafomu ambiri amanena kuti mtengo wotchulidwa ndi wongoyerekeza ndipo banki idzatsata wa tsiku lotumiza. Ngati mawu amenewo alipo, musataye mtima msanga, koma funso lanu lisinthe. Funsani ngati K99.50 inalidi mtengo umene banki inalengeza Lachinayilo, funsani chimene chinachedwetsa ndalamazo, ndipo muone tsiku limene makwacha anachoka mu akaunti yanu. Ngati anachotsa makwacha anu Lolemba n'kudzawasintha pa mtengo wa Lachinayi, muli ndi pogwira pabwino, chifukwa banki iyenera kufotokoza chifukwa chimene inasungira ndalama zanu osakuuzani kuti mtengo wasintha.

Kalatayo ndingailembe motere, ndipo mungoikamo masiku ndi manambala anu.

"Kwa a Manijala. Okondedwa Bwana, ndikulemba podandaula za mtengo wosinthira ndalama umene unagwiritsidwa ntchito potumiza R60,000 ku South Africa kuchokera mu akaunti yanga, imene nambala yake ndalemba pamwamba pamodzi ndi nambala ya ntchito yotumizayo. Lolemba pa 3 Juni ndinapereka fomu ndi invoisi ku nthambi yanu, ndipo wantchito wanu analemba pa fomuyo mtengo wa K96.00 pa randi imodzi n'kudindapo. Pa mtengo umenewo ndinayenera kulipira K5,760,000 kupatula komishoni. Sitetimenti yanga ikusonyeza kuti Lachinayi pa 6 Juni munachotsa K5,970,000 kupatula komishoni ndi malipiro a SWIFT, zomwe zikutanthauza mtengo wa K99.50. Komishoni ndi malipirowo sindikutsutsa. Chimene ndikutsutsa ndi K210,000 imene yabwera chifukwa cha kusintha kwa mtengo, pakuti palibe anandidziwitsa za kusinthako kapena kundifunsa ngati ndikuvomera kupitiriza pa mtengo watsopano. Ndikupempha kuti mundiuze polemba tsiku ndi nthawi imene marandiwo anagulitsidwa kwa ine, mundipatse mitengo imene banki yanu inalengeza pa 3 ndi pa 6 Juni, komanso mundionetse gawo la mgwirizano limene linakulolani kusintha mtengo wolembedwa pa fomu. Ngati gawo limenelo palibe, ndikupempha kuti K210,000 ibwezedwe mu akaunti yanga. Ndaphatikizapo makope a fomu, invoisi, sitetimenti ndi uthenga wa SWIFT. Ndidzayamikira kulandira yankho lolembedwa pasanathe masiku 14. Ine kasitomala wanu."

Mwaona kuti m'kalatamo mulibe mawu oti mwandibera, mulibenso nkhani ya lendi ya shopu kapena fizi ya ana, ngakhale ndikudziwa bwino kuti K210,000 ikhoza kukhala phindu lonse la mabelo angapo mukachotsa thiransipoti ndi msonkho wa MRA pa chipata cha Mwanza kapena Dedza. Chifukwa chake n'chakuti manijala wa nthambi nthawi zambiri si amene amaika mitengo. Kalata yanu amaitumiza ku likulu, kwa anthu amene sanakuonenipo, ndipo iwo amayang'ana masiku, manambala ndi zimene zinasainidwa. Kalata imene ili ndi mafunso oti sangawayankhe popanda kutsegula mabuku awo ndi imene imafufuzidwa. Musatchulenso wantchito wa pa kauntalayo ngati wolakwa, ingonenani zimene analemba, chifukwa iyeyo ndi mboni yanu ndipo mudzamufunanso ulendo wina.

Kalatayo ilembeni m'makope awiri, mupereke imodzi ndipo inayo akudindireni ndi kulembapo tsiku limene ailandira. Mapepala enieni atsale ndi inu, ku banki mupereke mafotokope. Chichewa si vuto, ngakhale kuti kuphatikizapo ya Chingerezi kumathandiza kuti ku likulu isachedwe, ndipo musadikire mwezi kuti mulembe, chifukwa nkhani ikadali yatsopano wantchito amakumbukira zimene anakuuzani.

Za zotsatira zake ndinene mosabisa. Pamene banki inalemba mtengo n'kuuphwanya, kapena inalakwitsa n'kugwiritsa ntchito mtengo wa ndalama zamapepala m'malo mwa wa TT, kapena inasintha makwacha anu kupita ku dola kenako ku randi n'kudyapo kawiri osakuuzani, mwayi wobwezeredwa ndi waukulu. Pamene mtengo unali wapakamwa ndipo fomu ikunena za tsiku lotumiza, nthawi zambiri mudzalandira kalata yofotokoza basi, ngakhale kuti nthawi zina amachotsako komishoni pofuna kusunga kasitomala. N'chifukwa chake ine masiku ano sindichoka pa kauntala ndisanapemphe kuti alembe pa fomu kuti andiimbire foni asanatumize ngati mtengo wasintha, ndipo poika mitengo ya katundu ndimawerengera makwacha amene achokadi mu akaunti, osati amene ndinauzidwa.

Masiku amene mwapereka akatha osayankhidwa, kapena yankho likakhala losagwirizana ndi mapepala anu, lemberani ofesi ya madandaulo ku likulu la bankiyo, muphatikizepo kalata yodindidwa ija. Zikakanikanso kumeneko, pitani nazo ku Reserve Bank of Malawi, chifukwa pansi pa lamulo la Financial Services Act la 2010 gavanala wa bankiyi ndiye woyang'anira mabungwe onse a zachuma, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala. Kumeneko adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku banki yanu, choncho tengani kalata yodindidwayo, yankho la banki ngati lilipo, fomu, sitetimenti ndi pepala limene mwawerengerapo kusiyana kwa mitengo iwiriyo.