Chilolezo cha VPN pa iPhone ndi batani la Connect On Demand

"Abale, ndithandizeni. Ndaika pulogalamu ya VPN pa iPhone yanga ndipo ikupempha chilolezo, ndiye ndachita mantha kuvomera. Mnzanga wanditumiziranso linki ya pulofayilo yaulere. Kodi ndigwiritse iti? Nanga Connect On Demand ndiyatse?"

Achimwene, mantha anuwo ndi oyenera, ndipo amene akuyankhani kuti mungodina Allow pa chilichonse sanakuthandizeni, chifukwa zilolezo ziwirizi zimasiyana kwambiri mphamvu zake.

Choyamba ndi chimene imapempha pulogalamu yochokera mu App Store. Mukaitsegula koyamba ndi kudina batani lolumikizira, pamabwera kabokosi kokhala ndi dzina la pulogalamuyo ndi mawu akuti Would Like to Add VPN Configurations, ndipo m'munsi mwake foni imakuchenjezani kuti zonse zimene mukuchita pa netiweki zikhoza kusefedwa kapena kuonedwa pamene VPN ikugwira ntchito. Uthengawu si wa eni pulogalamu ayi, ndi wa iPhone yeniyeniyo, ndipo umabwera pa VPN iliyonse, yabwino ndi yoipa yomwe. Mukadina Allow, foni imafuna nambala yanu yotsegulira kapena Face ID, kenako VPN ija imakaonekera mu Settings, pansi pa General, pa VPN & Device Management. Mukakana, pulogalamuyo singagwire ntchito konse. Chimene mwavomereza ndi chakuti mauthenga anu a pa intaneti azidutsa kaye pa seva ya kampani ya VPN, choncho kampaniyo imatha kudziwa malo a pa intaneti amene mukupitako ngakhale kuti simatha kuwerenga zam'kati mwa masamba otetezedwa monga a banki. Funso loti mudzifunse ndi lakuti kodi eni sevayo mukuwakhulupirira kapena ayi.

Pulofayilo ya mnzanuyo ndi nkhani ina, ndipo ine ndikuti musaiike. Fayilo yoteroyo dzina lake limathera ndi .mobileconfig, ndipo ikhoza kunyamula zinthu zambiri kuposa VPN yokha. Mukaitsitsa, mu Settings mumatuluka mawu akuti Profile Downloaded, ndipo ngati simunaiike pasanathe mphindi 8, foni imaifufuta yokha. Musanadine Install, onani mzere wa Signed by kuti mudziwe amene anaisayinira, kenako tsegulani More Details kuti muone zimene zili m'katimo. Mukapezamo satifiketi ya mtundu wa Root Certificate, kapena mawu akuti Mobile Device Management, bwererani pomwepo. Satifiketi yoteroyo mukaipatsa chikhulupiriro chonse, mwini wake akhoza kutsegula ngakhale mauthenga otetezedwa aja, pamene chachiwiricho chimapatsa munthu wakutali mphamvu yosintha zinthu pa foni yanu. Pulofayilo ndi yoyenera pokhapokha ikachokera kuntchito kwanu kapena kusukulu, kwa munthu wa makompyuta amene mungathe kumupeza ndi kumufunsa maso ndi maso. Ngati munaika kale ina yokayikitsa, pitani pa VPN & Device Management pomwe paja, idineni, ndipo musankhe Remove Profile.

Tsopano za Connect On Demand, zimene ndinaphunzira movutikira. Batani limeneli limapezeka mukadina kachizindikiro ka (i) pafupi ndi dzina la VPN yanu, ndipo ntchito yake ndi kuuza foni kuti izidzilumikiza yokha ku VPN nthawi iliyonse ikafuna intaneti. Ubwino wake ndi woonekeratu kwa munthu amene amagwiritsa ntchito Wi-Fi ya m'malo ogona alendo kapena pabwalo la ndege, popeza saiwala kuyatsa. Vuto lake ndi lakuti foni simasiya kuyesa kulumikiza ngakhale seva itafa.

Chaka chatha ndinapita ku msonkhano wa kuntchito ndipo ndinagona pa malo ena ogona alendo. Wi-Fi ya pamenepo inali ya mtundu umene umafuna kuti ulembe kaye nambala ya chipinda pa tsamba lolowera. Chizindikiro cha Wi-Fi chinkaonetsa kuti netiweki ndi yamphamvu, koma palibe tsamba limene linkatseguka, ndipo mu Settings mzere wa Status unkangosinthasintha pakati pa Connecting ndi Not Connected. Ndikazimitsa VPN, pakangopita masekondi ochepa inkayakanso yokha. Ndinazimitsa foni ndi kuiyatsanso kawiri, ndinakafunsa kwa wolandira alendo, ndipo lipoti limene a kuntchito ankaliyembekezera usiku umenewo linapita m'mawa. Chimene chinkachitika ndi chakuti VPN inkafuna intaneti kuti ifike ku seva yake, pamene intanetiyo inkadikira kuti ndilowe kaye pa tsamba lija, limene VPN yomweyo inkalitsekereza. Mankhwala ake anali kuzimitsa Connect On Demand poyamba, kenako VPN, kulowa pa tsamba la Wi-Fi, ndiyeno kuyatsanso zonse ziwiri. Zizindikiro zomwezi mudzaziona ngati nthawi imene munalipirira VPN yatha kapena ngati pasiwedi ya akaunti yasintha. Dziwaninso kuti mapulogalamu ena amabwezeretsa batanili mukangowatsegula, choncho muzimitsenso m'kati mwa pulogalamuyo, pamene nthawi zambiri pamalembedwa Auto-connect.

Kwa ife ogula mabandulo pali chenjezo lina. VPN ikayaka, kampani ya foni simaonanso kuti mukugwiritsa ntchito WhatsApp kapena Facebook, imangoona mauthenga opita ku seva imodzi yachilendo. Motero bandulo ya WhatsApp yokha siwerengedwa, ndipo foni imayamba kudya bandulo yanu ya intaneti yonse kapena mayunitsi, kapenanso imangokana kulumikiza. Connect On Demand ikakhala yoyaka, izi zimachitika inu osadziwa, makamaka pa iPhone zatsopanozi zimene chizindikiro cha VPN sichikhala pamwamba nthawi zonse koma chimaoneka mukakoka Control Center.

N'chifukwa chake ine ndimakonda pulogalamu ya WireGuard, ngati kampani yanu ya VPN kapena a kuntchito angakupatseni fayilo yake kapena kachizindikiro ka QR kojambula ndi kamera. Mukadina Edit pa VPN yanu, mumapeza gawo la On-Demand Activation lokhala ndi mabatani awiri osiyana, Cellular ndi Wi-Fi. Ine ndimasiya Cellular yozimitsa kuti mabandulo anga asasokonekere, ndimayatsa Wi-Fi, ndipo pa SSIDs ndimasankha Except these SSIDs ndi kulembapo dzina la netiweki ya kunyumba. Potero VPN imayaka yokha pa Wi-Fi yachilendo basi. Dzinalo mulilembe ndendende mmene lilili, zilembo zazikulu ndi zazing'ono, chifukwa mukaphonya chilembo chimodzi lamulolo siligwira.

Pa za mtengo, makampani odziwika amalipiritsa madola a ku America pafupifupi 10 mpaka 13 pa mwezi, ndipo mtengowu umatsika kufika pa madola 3 mpaka 5 pa mwezi mukalipiriratu chaka chimodzi kapena ziwiri. Lipirani mwezi umodzi kaye, muiyese kwa masiku angapo mukuyatsa ndi kuzimitsa nokha, ndipo Connect On Demand muiyatse mutaona kuti pulogalamu ya banki yanu ikutsegukabe, popeza mabanki ena amakana kukulowetsani akaona ngati muli kudziko lina. Ngati munalipira kudzera mu App Store, ndalama zimadulidwa zokha mwezi ukatha, ndipo kufufuta pulogalamu sikuletsa zimenezi. Muyenera kudina dzina lanu pamwamba mu Settings, kulowa pa Subscriptions, ndi kuletsa pamenepo.