Wezulo ikalira mwana atangogwira mpira, yang'anani phazi

"Ndinapita kukaonera mwana wanga akusewera ntchemberembaye kusukulu kwawo kuno ku Dedza. Wavala WA, koma safika pagoli, ndipo akangogwira mpira oyimbira aliza wezulo. Akumukondera mnzake kapena?"

Mayi, sikukondera ayi. Bwalo limadulidwa patatu ndi mizere iwiri yopingasa, ndipo pagoli lililonse pali kabwalo kokhota ngati mwezi wogamphuka. Timu imakhala ndi atsikana 7, aliyense zilembo za pachifuwa pake ndizo malire ake.

Omwetsa zigoli ndi awiri okha, GS ndi GA, ndipo amaponya ali m'kati mwa kabwalo kaja. GS, malo amene Mwawi Kumwenda anatchuka nawo, satuluka m'chigawo chakugoli, pamene GA amabwerera mpaka chigawo chapakati. Owatchinga, GK ndi GD, amayenda momwemo. C amazungulira zigawo zonse zitatu koma salowa m'kabwalo kalikonse. Wanuyo, WA, amasewera chapakati ndi chakugoli kumene timu yake ikumwetsa, nathera pamzere wokhota. Akalowa m'kati, mpira upita kwa timu inayo. Ntchito yake n'kupatsira GS ndi GA, ndipo amene amamukakamira kumbuyoyo ndi WD.

Za wezuloyo, ndikuganiza kuti ndi mapazi, chifukwa ana ongoyamba amagwa pamenepa. Musayang'ane mpira, yang'anani phazi limene layamba kuponda pansi iye ataugwira. Tinene kuti walumpha, wawakha, watera ndi lamanja. Lamanzere angalisunthe kangati konse, kulikonse, akutembenukira pa lamanjalo ngati chitseko pa mahinjesi. Lamanjalo amaloledwa kulinyamula, koma mpira uchoke m'manja lisanapondenso. Ndiye kuti manja, manzere, ponya, palibe mlandu. Manja, manzere, manja, mpira ukadali m'manja, wezulo.

Kulikoka phazilo kapena kudumphira pomwepo ndi mlandu womwewo. Pabwalo lafumbi mudzaona nokha: wotembenuka bwino amasiya kadzenje kozungulira, wokoka amasiya kamzere. Akatera ndi onse awiri nthawi imodzi asankha yekha, koma akangosuntha limodzi, lotsalalo ndilo lomangika.

Chimawalakwitsa kwambiri ndi liwiro. Mwana amabwera ali chiimire, mawondo owuma, thupi n'kumukankhira kutsogolo, phazi lija n'kupondanso losafuna. Atere atapinda mawondo, mapazi atatalikirana ngati mapewa ake. Winanso amangoiwala phazi limene anayambira, makamaka akamathamangira kuponya, poti mpira saloledwa kuusunga kupitirira masekondi 3.

Pakhomo jambulani mzere ndi phulusa, mumuponyere mpira maulendo 10 akuthamangira kwa inu, ndipo potera azitchula mokweza kuti "manja" kapena "manzere". Mungamumangenso kansalu pakakolo limodzi kuti nonse muzilidziwa msanga. Akazolowera, muziponya cham'mbali, uku ndi uko, chifukwa akathamangira kumanja ayenera kutera ndi lamanja, akathamangira kumanzere ndi lamanzere.