Za mabuku a ku Timbuktu, ndi kope la agogo lomwe ndinalipha ndekha

"Achimwene, ndinaona pa TV kuti ku Mali kuli mabuku olembedwa pamanja a zaka 500 ndipo akuwerengekabe. Ankawasunga bwanji anthu amenewa? Ine ndili ndi makalata omwe malemu bambo anga ankalemba ali ku migodi ku Joni, ayamba kuthetheka. Ndikawapangitse lamineti?"

Ayi achemwali, chonde musapite nawo ku lamineti. Imelo yanuyi ndaiwerenga katatu ndipo yandikhudza pachilonda, chifukwa ineyo ndinapanga zomwezo. Agogo anga aamuna ku Mulanje anali ndi kope lachikuto cholimba momwe ankalembamo chilichonse, tsiku lobadwa mwana aliyense, malire a minda, yemwe anakongola mbuzi, mpaka nyimbo za kwaya. Atamwalira ine monga wopita kusukulu ndinati ndilisunga ndine. Ndinalikulunga mu jumbo, kumanga ndithu kuti mpweya usalowe, n'kuliika pansi pa sutukesi, sutukesiyo pasimenti kuseri kwa bedi. Patapita dzinja ziwiri ndikutsegula, fungo lokhalokha, masamba amatana, chuku chakuda mbali yonse ya m'munsi. Pofuna kupulumutsa otsalawo ndinathamangira pa shopu ina ya fotokope mtauni, mnyamata wake anati bwana lamineti ndiye mankhwala ake, ndinavomera. Masamba 12 anadutsa mu makina otentha aja, inki ya buluu inafalikira ngati yathiridwa madzi, ndipo pulasitikiyo sungaichotsenso popanda kung'amba pepala. Mpaka lero azakhali anga nkhani imeneyi amaikumbutsa pamaliro paliponse.

Manyazi amenewo ndi omwe anandipangitsa kuyamba kuwerenga za ku Timbuktu, tauni ya ku Mali komwe kunachokera mabuku mwatchulawo, kufuna kudziwa kuti iwowa anatha bwanji pomwe ine zaka ziwiri zokha zinandikanika.

Choyamba pepala lake silinali ngati lathuli. Ku Timbuktu sankapanga mapepala, ankachita kubwera pa ngamila kudutsa chipululu cha Sahara, kuchokera kumpoto kwa Africa ndipo kenako ku Ulaya, makamaka ku Italy. Mukaunika tsamba padzuwa mumaona chizindikiro cha fakitale mkati mwa pepalalo, chotchuka kwambiri ndi cha miyezi itatu yongooneka kumene, ndipo akatswiri amagwiritsa ntchito zizindikiro zotere poyerekeza zaka za buku. Mapepala amenewo ankapangidwa ndi sanza za nsalu, alibe asidi wambiri. Athuwa, a makope ndi nyuzipepala, ndi a mitengo yogaya, amadzidya okha, n'chifukwa chake nyuzipepala ya chaka chatha yasanduka kale yachikasu. Ndiye makalata a bambo anuwo pampikisanowu anayamba kale ali kumbuyo, si vuto lanu.

Pepala lodutsa chipululu linali lodula, buku linali chuma. Leo Africanus yemwe anafika kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500 analemba kuti malonda a mabuku ankapindulitsa kuposa katundu wina aliyense. Kukopera inali ntchito yolipidwa ngati utelala. Munthu amabwereka buku kwa shehe, n'kulemba ganyu mlembi, mlembiyo amakhala pansi ndi cholembera chosema kubango, inki yake ya mwaye kapena makala osakaniza ndi utomoni wa mtengo, mawu ofunika amawalemba ndi inki yofiira kuti maso asasochere. Akamaliza amalemba kumapeto dzina lake, tsiku, ndi yemwe wamulembera. Pali dikishonale ina yaikulu ya Chiarabu, ya mavoliyumu 28, yomwe inakopedwa ku Timbuktu m'zaka za m'ma 1570, ndipo kumapeto kwa mavoliyumu ena kunalembedwa kuti wokopera analipidwa golide, komanso panali munthu wina wapadera, naye wolipidwa, wongofananiza kope latsopano ndi lakale kuti pasakhale cholakwika. Tangoganizani, kulipira munthu golide kuti angosaka zolakwika! Ife lero ngakhale pulogalamu ya ukwati imatuluka dzina la mkwatibwi litalakwika.

Chomwe chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti mabuku ambiri akumeneko sanasokedwe. Ndi masamba okhaokha osanjikiza, amawaika pakati pa chikuto chachikopa, kumanga ndi kachingwe, kenako kulowetsa m'kachikwama kachikopanso. Poyamba ndinkati umenewu ndi umphawi, koma ayi ndi nzeru. Palibe guluu woti mphemvu zitsatire, palibe waya wochita dzimbiri, palibe msana woti uthyoke ukamatsegula, ndipo shehe amatha kugawa buku limodzi kwa ophunzira angapo nthawi imodzi, uyu masamba awa uyu awa. Nanga akasokonekera? Manambala a masamba munalibe, koma mlembi akafika pansi pa tsamba amalemba pakona mawu oyamba a tsamba lotsatira. Tiyerekeze m'Chichewa, tsamba lathera pa "mfumu inatuma" ndipo pakona palembedwa "amithenga", ndiye mumasaka tsamba loyamba ndi "amithenga", mwalipeza, nalonso lili ndi mawu ake pakona, choncho mpaka buku lonse libwerere m'malo. Mukapeza mawu apakona omwe palibe tsamba loyamba nawo, mwadziwa kuti pamenepo pasowa tsamba. Kuipa kwake n'komweko, tsamba losasoka limatayika mosavuta, ndipo zambiri zomwe zimawerengedwa kuti "mabuku" ku Timbuktu ndi zidutswa, makalata, mapangano a malonda, tsamba limodzi kapena awiri. Ndiye mukamva chiwerengero cha masauzande mazanamazana musaganize mabuku onenepa okhaokha.

Apa ndinene maganizo anga, ena akwiya. Anthu amakonda kunena ngati panali chinsinsi china chake, mankhwala achikale osungira mabuku. Palibe. Chinawasunga ndi kuuma kwa dziko, ku Timbuktu mvula ya chaka chonse nthawi zambiri siifika mamilimita 200, chuku chimera bwanji pamenepo? Chachiwiri ndi mabanja omwe ankawatsegula, kuwawerenga, ndipo buku likayamba kutha kulikoperanso. Buku lomwe latsekeredwa ndiye limafa. Umboni ulipo, Afalansa atalanda tauniyi cha m'ma 1894 mabanja ambiri anabisa mabuku awo, ena m'mabokosi m'zipinda zadothi, ena kukwirira pansi, ndipo ambiri mwa amenewo atatsegulidwa patapita zaka anapezeka chiswe chadya mkati monse, ena denga ladothi linadontha n'kuwanyowetsa. Kunja bokosi lili bwinobwino, mkati dothi lokhalokha. Abdel Kader Haidara, yemwe kuyambira 1984 ankayenda m'midzi kusonkhanitsa mabukuwa m'malo mwa Ahmed Baba Institute, malo osungira mabuku akalewa ku Timbuktu, ankakumana ndi zotere, ndipo mabanja ena ankakana kumuonetsa n'komwe, ena amalola akawapatsa ziweto. Malowa anawatcha dzina la Ahmed Baba, katswiri yemwe asilikali a ku Morocco anamutenga ukapolo atalanda derali mu 1591, iyeyo ankadandaula kuti anamulanda mabuku 1,600, n'kumati laibulale yakeyo inali yaing'ono poyerekeza ndi za abale ake. Nyumba yatsopano ya malowa inamangidwa ndi thandizo la South Africa, a Thabo Mbeki atapitako mu 2001, n'kutsegulidwa mu 2009, ndiye inu a ku Joni misonkho yanu inafikako.

Kuuma nako kuli ndi mlandu wake, pepala limauma mpaka kumathyoka ngati chipapati chakale, fumbi ndi mchenga zimalipala. Ndipo pali inki ina yokhala ndi chitsulo mkati yomwe imadya pepala. Mumaizindikira chonchi, zilembo zimasanduka zofiirira, zimayamba kuonekera kuseri kwa tsamba, kenako pamene panali chilembo pamatsala bowo. Ya mwaye ija siidya pepala koma ikangokhudza madzi imafufutika.

Zomwe zinachitika ku Bamako

Mu 2012 zigawenga zinalanda Timbuktu. Haidara ndi anzake anayamba kulongedza mabuku m'mabokosi achitsulo usiku, kuwabisa m'nyumba za anthu, kenako kuwazembetsa pang'onopang'ono pa magalimoto ndi pa mabwato mu mtsinje wa Niger mpaka ku Bamako, likulu la Mali, zolembedwa pafupifupi 350,000. Zigawengazo pothawa mu Januwale 2013 zinatentha zoposa 4,000 zomwe zinapeza ku Ahmed Baba Institute. Nkhani imeneyi imakambidwa kwambiri ndipo anthu amathera pomwepo kuombera m'manja, koma ine gawo lomwe limandikhudza ndi lotsatira. Bamako ndi kwa mvula, pafupifupi mamilimita 1,000 pachaka, ndipo mabuku omwe anakhala zaka mazana m'chipululu anapezeka ali othinana m'mabokosi achitsulo otseka m'dziko lachinyezi. Jumbo yanga ija ndendende! Chinyezi cha mumpweya chikapitirira 65 peresenti kwa nthawi chuku chimayamba. Anachita kusaka nyumba zouma, kuika makina oyamwa chinyezi, kutulutsa buku lililonse, kulipukuta ndi burashi yofewa tsamba ndi tsamba, kulipangira kabokosi kakekake ka katoni yopanda asidi koyezera saizi yake, kenako kujambula tsamba lililonse ndi kamera. Pong'ambika akatswiri samata selotepi, amaika kapepala kopyapyala ka ku Japan ndi phala la sitachi, chifukwa lamulo lawo ndi lakuti chilichonse chomwe wamata chizitheka kuchotsedwanso. Lamineti imagwa pa lamulo lomweli. Ndikanadziwa.

Mwina mukuti achimwene mwalankhula zambiri, nanga makalata anga? Achotseni mu jumbo ngati ali mu jumbo. Chotsani mapini ndi timawaya tonse, atambasuleni mofatsa asakhale opinda chifukwa amathetheka popindapo, pakati pa kalata ndi kalata ikani pepala loyera la fotokope, muwaike mu katoni pamwamba pa wadiropu, kutali ndi simenti, khoma lakunja ndi khitchini. Ajambuleni ndi foni pamthunzi, kutsogolo ndi kuseri, envulopu yomwe, n'kutumizira abale atatu. Mukhale pansi muwakopere m'kope lina pamanja kapena pa kompyuta, wina awerenge mokweza inu mukufananiza. Ndipo mwezi wa Okutobala mvula isanayambe, ndi wa Epulo ikatha, muzitsegula katoniyo, kununkhiza, kuyang'ana tinjira ta chiswe pakhoma. Ngati kalata ina yachita kale chuku muipatule, iume pamthunzi pamphepo, kenako mupukute ndi burashi yofewa panja mutavala chotseka pamphuno. Masamba 12 a agogo aja ndikadali nawo mu pulasitiki yawo, pa tsamba la malire a munda wa kudambo sipawerengekanso, ndipo mlandu wa mundawo ndi asuweni athu uli kwa amfumu chaka chachitatu tsopano.