Musanakope mafayilo, lembani kaye mwini wa foda iliyonse

Funso: Ndili ndi sitolo ya mbewu ndi feteleza ku Ulongwe, m'boma la Angonia, ndipo timagulanso chimanga ndi soya kwa alimi. Antchito ndi 9, malipiro awo onse pamwezi ndi mametikali 120,000. Mafayilo athu okwana materabayiti 2 ali pa NAS, makina osungira mafayilo pa netiweki ya ofesi, yakale imene yayamba kulira, ndipo ndagula yatsopano. Katswiri wa ku Tete akufuna mametikali 8,000 kuti asamutse zonse, koma mphwanga akuti angokopa yekha Loweruka. Ndikufuna kuti foda ya malipiro ndi ya ngongole za alimi zikhalebe zobisika kwa ena. Kodi ndilipire?

Yankho: Bambo, ndisanalankhule za 8,000, ndiyambe ndi funso limene ndimafunsa aliyense wondilembera kalata yotere, ndipo ndi ochepa amene amaliyankha. Kodi pali pepala limene munalembapo kuti foda iyi amatsegula ndi uje, iyi amangowerenga ndi uje? Ngati palibe, katswiri ndi mphwanu yemwe adzagwira ntchito mumdima, ndipo pomaliza simudzakhala ndi choyezera kuti ntchito yayenda bwino. Inu simungalandire matumba a soya kwa mlimi popanda kulemba m'kaundula, koma makiyi a chuma chanu chonse mwawasiya m'mutu mwa munthu amene anakuikirani makina zaka zapitazo. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa ndi ntchito ya ola limodzi lokha.

Kukopa kumene mphwanu akunena, kokoka mafoda pa Windows kuchoka uku kupita uko, kumasamutsa mafayilo koma zilolezo kumazisiya m'mbuyo. Fayilo ikafika, imatenga malamulo a foda imene yagweramo, ndipo mwini wake amasanduka munthu amene wakopayo. Ngati foda yolandirayo ndi yotsekula kwa onse, Lolemba mnyamata wa pa sikelo adzawerenga malipiro a anzake, ndiponso mndandanda wa alimi amene sanabweze ngongole ya feteleza. Makina sadzakuchenjezani, popeza kwa iwo kukopa kwatheka bwinobwino.

Palinso msampha wina umene umakola ngakhale odziwa. NAS zambiri zimayendera Linux, ndipo pa fayilo sipalembedwa dzina la mwini wake koma nambala yotchedwa UID, ndi ina ya gulu yotchedwa GID. Tiyerekeze kuti pa makina akale mlembi wa ndalama, amene akaunti yake ndi `kasha`, ali ndi nambala 1027. Pa makina atsopano mphwanu wayamba kupanga maakaunti monga mmene akuwakumbukirira, ndipo 1027 yagwera `sikelo`, pamene ya `kasha` waiwala. Pulogalamu yokopera mafayilo ya `rsync` imayesa kaye kufananitsa mayina, koma ikapeza kuti dzinalo kulibe kumene ikupita, imangoika nambala ija. Pamenepo foda ya malipiro yakhala ya munthu wa pa sikelo mwa lamulo la makina, ndipo mlembi weniweni akukanizidwa kulowa. Choncho maakaunti ndi magulu onse apangidwe kaye pa makina atsopano, ndi mayina ofanana chilembo ndi chilembo, fayilo ngakhale imodzi isanasunthe. Lamulo la `id kasha` likalembedwa pa makina onse awiri limaonetsa nambala ndi magulu a munthuyo, ndipo zotsatirazo zilembedwe pa pepala lija, kwa anthu onse 9.

Zikatero, wosamutsayo alowe ngati `root`, akaunti ya mphamvu zonse, mbali zonse ziwiri, chifukwa akaunti wamba ilibe mphamvu yoikira fayilo mwini wina, ndipo pa NAS yakale ayambe ndi kuyeserera kumene sikukopa chilichonse:

```
rsync -aHAXv --dry-run /dados/ root@192.168.1.20:/dados/
```

Chilembo cha `a` chimasunga mwini, gulu, zilolezo wamba ndi madeti, pamene `A` amanyamula mndandanda wa zilolezo zapadera wotchedwa ACL, umene `a` payekha satenga. Mayina a mafoda ndi adiresi ya NAS yatsopano asinthidwe kuti akhale anu. Mndandanda wa mafayilo umene kuyeserera kwatulutsa ukaoneka bwino, achotse `--dry-run` ndipo ntchito iyambe.

Malire ake muwadziwe. Makampani ena opanga NAS amasunga ACL m'njira yawoyawo, moti ngati makina anu awiri ndi a makampani osiyana, zilolezo zapadera zikhoza kukana kuwoloka. Njira ya pa Windows ya `robocopy` ndi `/COPYALL` imanyamuladi zilolezo, koma ngati maakaunti anu anapangidwa m'kati mwa NAS yakaleyo, yatsopano siwazindikira, ndipo pa zenera la zilolezo mudzaona manambala aatali oyamba ndi `S-1-5-21` m'malo mwa mayina a anthu. Zikafika potere musataye tsiku kulimbana nazo. Ofesi ya anthu 9 kawirikawiri imakhala ndi mafoda akuluakulu asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo kuika zilolezo mwatsopano pa mafoda amenewo, kudzera m'magulu monga `ndalama`, `sitolo` ndi `onse`, kumatenga mphindi makumi atatu kwa munthu amene ali ndi pepala m'manja. Wantchito akadzachoka, mudzangomuchotsa m'gulu lake.

Tiwerengere nthawi. Pa netiweki ya gigabiti, makina amasamutsa pafupifupi mamegabayiti 100 pa sekondi, ndipo materabayiti 2 amatha m'maola asanu ndi limodzi, kapena kupitirira ngati timafayilo tating'ono tili tambiri. Koma ngati pakati pali switchi yakale ya mamegabiti 100, liwiro limatsikira pa mamegabayiti 11, ndipo ntchito yomweyo imadya maola 50. Loweruka la mphwanu likhoza kudzatha Lolemba madzulo. Malipiro anu a 120,000 tikawagawa ndi masiku 26 ndi pafupifupi 4,600 patsiku, choncho masiku awiri a anthu ongokhala apitirira kale mtengo wa katswiri, osawerengera alimi amene adzabwerera ndi ngolo zawo chifukwa kaundula wa ngongole sakutseguka. N'chifukwa chake kukopa koyamba kuchitike mkati mwa sabata anthu akugwira ntchito, makina onse awiri ali pa batire la UPS. Magetsi akathima, `rsync` ikayambitsidwanso imadumpha zimene inamaliza kale. Loweruka NAS yakale itsekedwe kuti munthu asalembemo, ndipo lamulo lomwelo libwerezedwe kuti litenge zimene zasintha zokha, zomwe zimatha msanga. Pomaliza alionjezere `-c` pamodzi ndi `--dry-run` kuti makina afananitse zam'kati mwa mafayilo. Likapanda kutchula fayilo iliyonse, mafayilo onse a pa NAS yakale afika bwino pa yatsopano.

Katswiriyo mulipireni, koma theka poyamba ndi theka pambuyo pa mayeso amene mudzaone ndi maso anu. Muitane mnyamata wa pa sikelo, alowe ndi akaunti yake, ayese kutsegula foda ya malipiro inu mutaima kumbuyo kwake, ndipo makina amukane. Kenako mlembi atsegule fayilo ya mwezi watha, asinthe nambala imodzi, asunge, aibwezere. Musayese ndi akaunti ya `admin`, chifukwa imeneyo imatsegula paliponse ndipo sikuuzani kanthu. Mphwanu akhalepo kuti aphunzire, pakuti mtima wake wofuna kuthandiza ndi wabwino, koma pasiwedi ya `admin` isinthidwe tsiku lomwelo ndipo isungidwe ndi inu nokha. NAS yakale muizimitse ndi kuitsekera m'kabati mwezi wathunthu, mpaka malipiro amodzi atadutsa pa yatsopano, ndipo madisiki ake afufutidwe musanapatse munthu aliyense, ngakhale wachibale amene wayamba kale kuipempha.