Uthenga wopempha thandizo la maliro: nenani ndalama zatsala, nenani dzina la pa nambala

*Bambo athu atisiya kuno ku Mzuzu ndipo tikufuna kukawaika kwathu ku Kasungu. Ndinalemba pa gulu la WhatsApp kuti: "Abale tithandizeni zativuta, bambo amwalira, chilichonse tumizani pa nambala iyi, amene amatikonda aoneka lero." Ndinaikaponso chithunzi chawo ali m'chipatala. Zalowa ndi zochepa, ena akundiimbira kufunsa ngati nambalayo ndi yoona. Ndikonze bwanji? Mayi wa ku Chibavi.*

Pepani mayi ndi zovuta zakugweranizi.

Anthu amene akukuimbiraniwo sakukana kuthandiza. Akuopa. Aliyense analandirapo uthenga wa akuba wonena kuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", ndiye munthu akaona nambala yopanda dzina la mwini wake, dzanja limabwerera m'thumba. Potumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, dzina limene nambalayo inalembetsedwa limaoneka pa foni ya wotumizayo. Likakhala losiyana ndi limene akuyembekezera, mwina simu ndi ya mlamu wanu, amakayika. Choncho lembani dzinalo monga momwe likuonekera, ndipo nenani ubale wa munthuyo ndi malemu. Nambala ikhale imodzi ya Airtel ndi imodzi ya TNM basi, zonse m'manja mwa munthu amene banja lagwirizana.

Mawu akuti "chilichonse" amamveka odzichepetsa, koma amamusiya munthu mumdima. Sadziwa ngati mukusowa K50,000 kapena K2 miliyoni, ndiye amatumiza kochepa kapena amadikira aone anzake. Khalani pansi ndi akuluakulu a banja, funsani mtengo weniweni kwa wogulitsa bokosi ndi mwini galimoto, muwonkhetse. Tiyerekeze kuti bokosi ndi K350,000, galimoto yonyamula thupi ndi anamfedwa mpaka ku Kasungu ndi K600,000, chakudya cha pasiwa K250,000. Zonse ndi K1,200,000. Ngati banja lasonkha kale K700,000, chimene mukupempha ndi K500,000. Mufunse bwino mwini galimoto ngati mtengowo ukuphatikiza mafuta a ulendo wobwerera, chifukwa ndi pamene mabanja ambiri amadzidzimukira thupi lili kale panjira. Muwonjezerenso kangachepe ka ndalama imene imadulidwa potapa kwa ejenti.

Uthengawo ungamveke chonchi:

"Abale ndi alongo, ndi chisoni tikukudziwitsani kuti bambo athu, a Uje a ku Chibavi, atisiya Lolemba. Thupi linyamuka ku Mzuzu Lachinayi m'mawa kupita ku Kasungu, komwe mwambo woika maliro udzachitike Lachisanu. Zofunika zonse ndi K1,200,000: bokosi K350,000, galimoto K600,000, chakudya K250,000. Banja lasonkha K700,000, zatsala K500,000. Amene angathe kutigwira dzanja atumize pofika Lachitatu madzulo pa nambala iyi, dzina lituluka la a Uje, mwana woyamba wa malemu. Wofuna kumva zambiri aimbire amalume a Uje pa nambala iyi. Mapemphero anu ndi kubwera kwanu tikuzilandiranso ndi manja awiri."

Tsiku lomaliza lija musalichotse. Mwini galimoto amafuna ndalama asananyamuke, ndipo thandizo lofika Loweruka silisuntha thupi Lachinayi.

Mawu aja oti amene amakukondani aoneka, achotseni. Ndikudziwa kuti anatuluka ndi ululu, koma pa gulu lomwelo pali mayi wogulitsa tomato ku Zigwagwa amene angakwanitse K2,000 yokha, kapena kubwera ndi mtolo wa nkhuni n'kugona pasiwa. Mawu otere amamuchititsa manyazi mpaka amangokhala chete. Chithunzi cha m'chipatala nachonso chichoke. Bambo sanavomere kuti anthu awaone ali chomwecho, ndipo chithunzi chikatuluka pa gulu simungachibwezenso; akuba amatha kuchitenga n'kuikapo nambala yawo. Ngati mukufuna chithunzi, sankhani chimene ali bwinobwino, atavala za kutchalitchi. Matenda amene awatenga si ofunika kuwatchula.

Potumiza uthenga watsopanowu, yambani ndi mzere umodzi wonena kuti ukulowa m'malo mwa woyamba uja, ndipo thokozani amene atumiza kale. Munthu mmodzi akhale ndi kope, azilemba dzina la wopereka, ndalama ndi tsiku, ndipo mauthenga a pa foni otsimikiza kuti ndalama yalowa asafufutidwe. Madzulo aliwonse lembani pa gulu kuti zalowa zingati, zatsala zingati. Mayina ndi ndalama za munthu aliyense musaziike pa gulu asanavomere mwini wake. Ndalama ikakwana, nenani nthawi yomweyo kuti yakwana, ndipo yotsala banja ligwirizane poyera kuti ipita kuti, kaya kwa mayi amasiye kapena kubweza ngongole ya kuchipatala.