Kutchinga maola a ntchito yofuna mutu wonse

"Abale, ndine wa maakaunti pa kakampani kena ku Limbe. Malipiro a antchito 40 ndimakawerengera kunyumba usiku chifukwa masana foni siyikhala chete, pakhomo pa ofesi yanga sipatha anthu. Ndigawe bwanji tsiku kuti ndizimalizira kuntchito konko? Ine mlongo wanu ndatopa."

Achemwali, musayambe ndi kutseka chitseko. Kwa masiku atatu ikani pepala pambali pa kompyuta, muzilembapo aliyense wokudulani ntchito, nthawi yomwe wabwera ndi chomwe amafuna. Pepalalo likuuzani maola omwe anthu amachepa okha, komanso zinthu zomwe amabwerera mobwerezabwereza, monga kusainitsa vocha, ndalama za mafuta a galimoto ndi kufunsa za ngongole. Mpanda wanu muumange pa maola ofewawo. Mukauyika 8 koloko Lolemba, pomwe abwana akugawa ntchito ndipo madalaivala akudikira mafuta, ugwa tsiku loyamba lomwe.

Tiyerekeze kuti pepala laonetsa kuti chipwirikiti chimatha cha m'ma 9. Kuyambira pofika mpaka 9 koloko yankhani mauthenga, sainani zosaina, operekedwa ndalama apatsidwe. Kuchokera 9:00 mpaka 10:30 ndi malipiro okhaokha. Ikakwana 10:30 tsegulani chitseko kwa mphindi 30, kenako mubwerezenso chigawo china 2:00 mpaka 3:30 masana. Maola atatu amenewa ndi okwanira poyambira. Amene amatchinga m'mawa wonse amalephera, chifukwa munthu angathe kudikira ola ndi theka, koma mukamuuza kuti abwere madzulo amangolowa.

Pa kalendala musalembe kuti "malipiro" basi. Lembani chomwe chikhale chitatha nthawiyo ikamakwana, mwachitsanzo "kuwerengera maovataimu a antchito 20 oyamba ndi kufananiza ndi buku losainira". Mukalemba mwachisawawa, mphindi 20 zoyamba zimathera kuganiza poyambira, ndipo dzanja limapita lokha pa foni. Mapepala onse ofunika muwasonkhanitse dzulo lake, chifukwa mukangotuluka kukafuna fayilo imodzi, pakhonde pali wokudikirani. Muyambenso kuwerengera masiku chobwerera m'mbuyo: msonkho wa pa malipiro wa PAYE umafunika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, choncho zigawo za ntchito imeneyo zilembedwe pa kalendala mwezi ukangoyamba, osati pa 13.

Za foni n'zosavuta. Yatsani Do Not Disturb, mulole manambala awiri kapena atatu okha, monga ya abwana ndi ya kusukulu kwa ana. Pa mafoni ambiri a Android mulinso Repeat callers, yomwe imalola foni kulira munthu akaimbanso kachiwiri pasanathe mphindi 15, ndiye za maliro kapena matenda sizikudutsani. Foniyo ilowe mu dilowa, ndipo WhatsApp Web ndi imelo zitsekedwe pa kompyuta.

Povuta ndi pa alendo, pakuti kwathu kuno kubweza munthu pakhomo kumaoneka mwano. Chimene chimateteza nthawi yanu si chitseko ayi, koma kuti munthuyo adziwe nthawi yeniyeni yomwe athandizidwe. Pepala la pachitseko lisanene kuti "osalowa". Linene kuti "Ndikuwerengera malipiro, nditsegula 10:30. Lembani dzina apa." Wina akagogodabe, imirirani, mukamulonjere pakhomo pomwepo muli chiimire: "Mwadzuka bwanji bambo? Pepani ndili pakati pa masamu a malipiro, mundipeze hafu pasiti teni, mukhala oyamba." Mukamupatsa mpando, moni yekha adya mphindi khumi. Kampando ka alendo kaja mungathe kukatulutsa panja m'maola amenewa. Ndipo 10:30 ikakwana tsegulanidi, ngakhale mwatsala ndi mzere umodzi. Mukachedwa kawiri katatu, anthu amasiya kukhulupirira pepalalo n'kuyambiranso kugogoda.

Zonsezi sizigwira ngati abwana sanavomere, popeza nthawi zambiri wodula ntchito wamkulu amakhala iwowo. Aonetseni pepala la masiku atatu lija, muwapemphe kuti muyese kwa masabata awiri, ndipo alengeze ndi pakamwa pawo pa msonkhano. Mugwirizanenso kuti chamwadzidzidzi n'chiti, komanso ndani azigwira kandalama ka zogula zing'onozing'ono inu mukatseka. Popanda munthu ameneyu, aliyense wofuna ya shuga wa tiyi ali ndi chifukwa chokugogoderani.

Tsiku lina mudzadulidwabe. Musananyamuke lembani mzere umodzi, monga "ndalekera pa wantchito wa nambala 17, penshoni sindinachotse". Pa malipiro, zolakwa zambiri zimalowera pomwe munthu anadukizira, kuchotsa ngongole kawiri kapena kudumpha dzina. Chigawo chotayikacho chisamukire pa ola lomwe muzilisiya dala lopanda kanthu Lachinayi masana, ndipo laputopu igone ku ofesi.